Nambala ya mtima imene ikuzungulira m'mafoniyi, ndayiwerengera ndekha

Msuweni wanga wanditumizira kanthu katatu sabata ino. Akuti ndilembe dzina langa lonse pa tsamba lina, lindiuze chimene mtima wanga umalakalaka mobisa. Pa foni pamatuluka mawu oti Soul Urge Number, masamba ena amalemba Heart's Desire Number. Iye inamutulukira 8, ndiye kuyambira tsiku limenelo sitikupuma, akuti anabadwira chuma. Ine ndisanamuseke ndinati nditenge cholembera ndi kuseri kwa lisiti, ndione mmene nambalayi imapezekera. Maganizo anga ndi awa: masamu ake ndi osavuta ndiponso osangalatsa, koma chimene amayeza ndi kalembedwe ka dzina, osati mtima wa mwini dzina. Ndikuonetsani chifukwa chake, inunso mudzayese nokha.

Njira imene masamba ambiri amatsata amaitchula ndi dzina la Pythagoras, katswiri wa masamu wa ku Girisi wakale uja. Komabe kawerengedwe ka mayina mmene tikukaoneramu kanafala ku Amereka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kudzera m'mabuku a mayi wina wotchedwa L. Dow Balliett, ndipo kanakonzedwera alifabeti ya Chingerezi ya malembo 26. Amandandalika malembowo n'kuwapatsa manambala kuyambira 1 mpaka 9. A ndi 1, B ndi 2, mpaka I amene ndi 9. Ukafika pa J umayambiranso pa 1, ukafika pa S umayambiranso kachitatu. Pa nambala ya mtimayi amangofuna malembo a liwu okha, mavawelo aja tinkaimba ku pulayimale. Ena onse amawasiya. Ndiye zoti muloweze ndi zisanu basi:

```
A=1  E=5  I=9  O=6  U=3
```

Lamulo lake n'lakuti utenge dzina lonse limene unapatsidwa pobadwa, monga linalembedwera pa chikalata cha kubadwa. Dzina la kwa amuna ayi, la masewera ayi. Dzina lililonse uliwerengere palokha, uphatikize manambala a mavawelo ake, ndipo yankho likaposa 9 uphatikizenso manambala a m'yankhomo mpaka patsale nambala imodzi. Ukatha mayina onse uphatikize zotsalazo n'kuchepetsanso chimodzimodzi.

Tiyeni tiyese ndi dzina longopeka, Chikondi Tiyamike Banda. Mu Chikondi muli I, O, I. Ndiye 9 kuphatikiza 6 kuphatikiza 9, tapeza 24, ndipo 2 ndi 4 zikutipatsa 6. Mu Tiyamike muli I, A, I, E, kutanthauza 9, 1, 9 ndi 5. Ndi 24 kachiwiri, choncho 6. Banda ndi wosavuta, ma A awiri, 2.

```
Chikondi  9+6+9   = 24 -> 6
Tiyamike  9+1+9+5 = 24 -> 6
Banda     1+1     = 2
6+6+2 = 14 -> 1+4 = 5
```

Chikondi wathuyu nambala yake ndi 5. Okhulupirira zimenezi amati wa 5 mtima wake umafuna ufulu, maulendo ndi zatsopano, safuna kumangidwa malo amodzi. Wa 6 amati amalakalaka banja ndi kusamala ena, wa 7 amafuna kukhala payekha n'kumafufuza zinthu, wa 8 ngati msuweni wanga amafuna udindo ndi ndalama, wa 1 amafuna kudziimira ndi kutsogolera, wa 3 amafuna kuyankhula, kuimba ndi kuonekera. Mpaka apa palibe chovuta, ndipo ndivomereze kuti pamene 5 uja anatuluka ndinamva kukoma ngati ndamaliza samu ya mayeso.

Zinayamba kusokonekera pa Y. M'Chingerezi lembo limeneli nthawi zina limagwira ntchito ya vawelo, monga m'dzina loti Lynn, momwe mulibe vawelo ina. Pamenepo amaliwerengera, ndipo mtengo wake ndi 7. Likamveka ngati lembo lopanda liwu, monga poyambira pa Yolanda, amalisiya. Kwa ife nkhaniyi siyenera kuvuta n'komwe, chifukwa m'Chichewa Y si vawelo. Mu Tiyamike amatsogolera A kupanga phatikizo loti ya, ndipo mu Nyirenda amagwirizana ndi N kupanga liwu limodzi. Koma tsamba la pa intaneti silidziwa Chichewa. Ena mwa masambawa amawerengera Y aliyense, ena amamusiya yense, ena amangoganizira poona malembo oyandikana naye. Y uja akawerengedwa, Tiyamike akhala 31, kuchepetsa 4, ndipo 6, 4 ndi 2 zikupereka 12, ndiye 3. Chikondi yemwe uja, amene timati ndi woyendayenda, tsopano wasanduka woimba. Mukaona masamba awiri akukupatsani manambala osiyana ndipo m'dzina lanu muli Y, musafufuze patali, wolakwa ndi ameneyo.

Palinso kawerengedwe kena kamene amakatcha ka Akasidi, anthu aja a ku Babulo. M'menemo A ndi E sasintha, koma I ndi 1, O ndi 7, U ndi 6. Ndinayesa dzina lomwe lija ndi manambala amenewa. Chikondi anapereka 9, Tiyamike 8, Banda 2, zonse pamodzi 19, kuchepetsa 10, kuchepetsanso 1. Munthu mmodzi, mitima itatu: 5, 3 ndi 1. Ndipo palibe sikelo ina kunja kwa masamuwa imene tingaikepo Chikondi kuti tidziwe yankho lolondola.

Chimene chinandichititsa chidwi kwambiri ndi ichi, ndipo sindinachione chitalembedwa pa tsamba limene msuweni ananditumizira. Kuphatikiza manambala mpaka patsale imodzi n'chimodzimodzi kugawa ndi 9 n'kutenga chotsala, kungoti chotsala chikakhala 0 timalemba 9. Yesani: 14 kugawa ndi 9, kutsala 5. 24 kugawa ndi 9, kutsala 6. Tanthauzo lake n'lakuti kuwonjezera 9 sikusintha kanthu. Tsono I ndi 9. Ndiye kuti lembo I, limene ladzaza m'mayina athu, limangoperekeza anzake, siligwira ntchito. Chotsani ma I onse anayi mwa Chikondi Tiyamike Banda, mutsala ndi 6, 1, 5, 1, 1, ndipo yankho likadali 14, likadali 5. A Phiri nonse mundikhululukire, mavawelo a mfunda wanu ndi ma I awiri, 18, kuchepetsa 9. Chikondi yekha ndi 6, Chikondi Phiri ndi 15, kuchepetsa 6 yemweyo. Dzina la makolo lonse lathunthu, m'masamuwa lili ngati kulibe.

Pamene I kapena dongosolo la kuphatikiza zingasinthe zinthu ndi pa manambala amene amawatcha akuluakulu, 11, 22 ndi 33. Awa amati ukawapeza usawachepetse, ndi apadera, ndipo 11 amamutamanda kuti ndi wa anthu auzimu kwambiri. Tengani dzina lina lopeka, Dalitso Mvula. Dalitso ali ndi A, I, O, zimene zikupereka 16, kuchepetsa 7. Mvula ali ndi U ndi A, ndiye 4. Mukatsata njira ya dzina lililonse palokha, 7 ndi 4 ndi 11, Dalitso wakwera, ndi munthu wapadera. Koma pali ena amene amaphatikiza mavawelo onse kamodzi. Kwa iwo 16 ndi 4 ndi 20, kuchepetsa 2, Dalitso ndi munthu wamba wokonda mtendere. Njira zonse ziwirizi zimaphunzitsidwa, ndipo aliyense amati yake ndiyo yoona. Ine ndikuganiza kuti amene wapeza 11 ndi njira imodzi sapitanso kukayesa inayo.

Tsono lamulo lija la chikalata cha kubadwa. Linalembedwa ndi anthu a kumene mwana amalembetsedwa atangobadwa. Kwathu kuno ambiri a ife chitupa cha unzika tinachiona koyamba pa kalembera wa 2017, tili akuluakulu kale. Dzina lanu lenileni ndi liti? Limene agogo anatchula mutatuluka m'chikuta? Laubatizo limene linabwera pambuyo? Limene munalandira ku chinamwali? Kapena limene munalembera mayeso a Sitandade 8 kachiwiri, lija la mchimwene wanu, limene mpaka lero lili pa satifiketi? Musaseke, tikudziwana. Mayi anga aang'ono dzina lawo limathera ndi E, koma wolemba anaika A, ndipo linakhala momwemo. Pa masamuwa lembo limodzi limenelo lachotsa 4 pa nambala yawo. Mtima wawo unasintha tsiku limene munthu wotopa uja analakwitsa kulemba?

China n'chakuti mayina athu amayankhula okha. Makolo akatcha mwana Mavuto amakhala akunena zimene zinali pakhomo nthawi imeneyo, akatcha Chimwemwe akunenanso zina. Werengerani: Mavuto ndi 1, 3, 6, zonse 10, kuchepetsa 1. Chimwemwe ndi 9, 5, 5, zonse 19, kuchepetsa 10, kenako 1. Mayina awiri otsutsana chonchi, nambala imodzi. Dalitso ndi Maliro onse ndi 7. Masamuwa amataya chimene dzinalo likunena momveka bwino, n'kutola manambala amene anachokera pa malo a lembo mu alifabeti ya eni ake.

Mwina wina ati, nanga bwanji zimene anandiuza zinali zoona ndithu? Mu 1948 mphunzitsi wa za maganizo a anthu ku Amereka, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake mayeso a khalidwe, kenako anapatsa aliyense pepala limene anati likufotokoza iyeyo payekha. Anawafunsa kuti aliyike pa muyeso wa 0 mpaka 5 malinga ndi kulondola kwake, ndipo onse pamodzi analipatsa pafupifupi 4.3. Pambuyo pake anawauza kuti onse analandira mawu ofanana ndendende. Ndi mmenenso matanthauzo a manambalawa alili. Ndani safuna ufulu? Ndani safuna kukondedwa pakhomo, kapena kandalama m'thumba?

Ndinamuyesa msuweni uja dzulo. Ndinamuimbira n'kumuuza kuti tsamba lija linalakwitsa, nambala yake yeniyeni ndi 6, ndipo ndinamuwerengera za wa 6, zosamala abale, zonyamula mavuto a ena osadandaula. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, “Achimwene, ameneyo ndiye ine weniweni, paja ndimalipirira fizi ana a mlongo wanga.” Nditamuuza kuti ndangopeka, 8 wake akadali pomwepo, anadula foni. Madzulo ano watumiza uthenga, akufunsa ngati ndingamuwerengere dzina la chibwenzi chake, koma akuti Y ndisamuwerengere.